Apu ya fizi ikukana kulembetsa mwana wanga, nditani? Mafunso ndi mayankho kwa makolo

Teremu ikamatsegulira mafunso ake amakhala omwewa omwewa. Ine ndimathandiza mu ofesi ya sukulu, mbali ya fizi, ndiye sabata yoyamba ija pawindo pamadzadza makolo foni kumanja, wina akuti apu yakana mwana, wina meseji sikubwera, wina watopa nazo akufuna angolipira pamanja basi. Zimandikhudza chifukwa ambiri amakhala asiya ntchito zawo kubwera kuno pa vuto loti likanatheka ali kunyumba. Nde ndati ndilembe mayankho ake pamodzi. Ma apu a fizi alipo ambiri ndipo mabatani amasiyana, koma kagwiridwe kake mkati ndi kofanana, choncho olo yanu ikhale ina zambiri apa zikuthandizani.

Choyamba mumvetse ichi, chifukwa mayankho onse akuchokera pompa. Mukamati mukulembetsa mwana mu apu, sikuti mukumulemba kumene ayi. Mwanayo analembedwa kale ndi sukulu mu sisitemu yawo, dzina, nambala yake, kalasi, tsiku lobadwa, nambala ya foni ya kholo. Apu ikungotenga zomwe mwatayipa inuyo nkukafananitsa ndi zomwe sukulu inalemba, zikafanana imakulumikizani ndi mwanayo, zikasiyana olo pa kachilembo kamodzi imakana. Ilibe maso oti ione kuti ndinu mayi ake enieni. Nde apu ikakana funso lake si lakuti kodi ine ndalakwitsa chani lokha, koma lakuti kodi kusukulu analemba bwanji.

Kodi ndikhale ndi chani ndisanayambe?

Pezani pepala lochokera kusukulu lomwe pali nambala ya mwana, risiti ya fizi ya teremu yatha kapena kalata yomulandirira. Risiti yosindikizidwa pa kompyuta ndiyo yabwino kuposa yolemba pamanja chifukwa imaonetsa dzina ndi nambala momwe zilili mu sisitemu. Simu khadi ya nambala yomwe munapereka kusukulu ikhale mu foni yomwe ili pafupi nanu. Komanso funsani kusukulu dzina lenileni la apu, kapena akupatseni linki okha, musangofufuza mawu oti fizi mu sitolo ya ma apu nkudawuniloda yoyamba kutuluka, ma apu ofanana maina ndi ambiri. Ma apu ena amafunanso nambala ya sukulu, pa sikirini pamalembedwa `School code`, imeneyo si nambala ya mwana, ndi ya sukulu yonse ndipo makolo onse amalowetsa yomweyo.

Kulembetsako kuli pawiri. Poyamba mumatsegula akaunti yanu ya kholo, apa mumalemba dzina LANU ndi nambala yanu ya foni. Kenako mukalowa ndi pomwe mumadina `Add student` kapena `Add child` nkulowetsa za mwana. Ambiri amasokoneza pomwepa, pa akaunti ya kholo amalembapo dzina la mwana, nde ma risiti amatuluka ngati mwana wadzilipirira yekha, ndipo tsiku lomwe mwaiwala pasiwedi zimavuta kutsimikiza kuti akauntiyo ndi yanu.

Ndalowetsa nambala ya foni koma meseji ya OTP sikubwera

OTP ndi ka nambala kachinsinsi kogwira ntchito kamodzi kokha, nthawi zambiri manambala 4 kapena 6, ndipo kamatha mphamvu pakangopita mphindi zochepa. Imabwera ngati meseji wamba, si pa intaneti, nde mutha kukhala ndi bandulo yokwanira koma ngati netiweki ya layiniyo ili yofooka sifika. Ma apu ena amatumiza pa imelo, werengani bwino zomwe sikirini yanena kuti yatumiza kuti.

Chinthu chomwe ndimachiona kwambiri ndi kudina `Resend` kambirimbiri motsatizana. Munthu wadina kasanu, kenako mameseji onse asanu afika nthawi imodzi, iye nkutenga yoyamba, apu nkunena kuti `Invalid code`. Chimachitika nchoti mukapempha nambala yatsopano yakale ija kawirikawiri imafa pompo, yogwira ntchito ndi yomaliza yokha. Ndipo ma apu ambiri akaona mwapempha kambiri amakutsekerani kaye kwa kanthawi, poganiza kuti ndi wakuba akuyesa mwayi. Nde dinani kamodzi, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, ikapanda kubwera dinaninso kamodzi, zikafika zingapo tengani yomwe yafika pomaliza.

Ikakanikabe onani kalembedwe ka nambala yanu. Ngati apu yaika kale nambala ya dziko kumayambiriro, ija yoyamba ndi chizindikiro cha +, nthawi zambiri ziro woyamba wa nambala yanu safunikanso, mukamuika nambala imatalika ndi chimodzi nde meseji imapita kosadziwika. Ngati foni ndi ya malayini awiri onetsetsani kuti layini yomwe mwalembayo ndi yoyatsa, ena amazimitsa layini imodzi osadziwa. Tsegulaninso malo a mameseji otsekeredwa, pa mafoni ambiri pali `Spam` kapena `Blocked`, chifukwa meseji ya OTP imachokera ku dzina la kampani osati nambala ya munthu ndiye foni imatha kuiona ngati yotsatsa malonda nkuibisa. Ndipo ngati simu ili mu kafoni kakang'ono ka mabatani, fufutani mameseji akale, bokosi likadzadza yatsopano silowa.

Njira yachidule yodziwira komwe kuli vuto, uzani wina akutumizireni meseji wamba pa layini yomweyo. Ikafika, layini ili bwino, vuto ndi nambala yomwe mwatayipa kapena mbali ya apu. Ikapanda kufika, apu ilibe mlandu, zimitsani foni nkuyatsanso kapena sunthani pomwe pali netiweki.

Chonde OTP musauze munthu, olo atayimba kuti ndine wa ku ofesi ya sukulu ndikufuna ndikuthandizeni kulembetsa. Ife a mu ofesi sitiifuna nambala imeneyo pa chilichonse.

Ndalowa bwinobwino koma ikuti `Student not found`, chonsecho mwana wanga amaphunzira pomwepo

Apa nde pamene pamagona nkhani, ndikhalitsapo. Mawu ake amasiyana, ina imati `No record found` ina `Details do not match`, koma tanthauzo ndi limodzi, zomwe mwalemba sizikufanana ndi zomwe zili kusukulu. Choipa chake apu sikuuzani kuti cholakwika ndi chiti, ndipo nthawi zambiri nzadala, chifukwa ikanati izinena kuti nambala mwakhoza koma tsiku lobadwa mwaphonya, munthu wachilendo akanamangoyesa mpaka kupeza mwana wa eni ake. Ndiye kufufuza kwake ndi kwa inu, chinthu chimodzi pa nthawi.

Yambani ndi nambala ya mwana. Mwana mmodzi amatha kukhala ndi manambala angapo, ya mu kaundula wa m'kalasi yomwe aphunzitsi amaitanira maina, ya mayeso, ndi yomwe anapatsidwa polowa sukulu. Apu imafuna yomalizayi nthawi zambiri, pa sikirini imalembedwa `Admission number` kapena `Student ID`. Mukafunsa mwana kuti nambala yako ndi chani akuuzani ya m'kalasi chifukwa ndi yomwe amaimva tsiku ndi tsiku, nde musadalire pakamwa, onani pa risiti. Itayipeni momwe ilili, ngati pali kamzere kopendekeka kapena kogona kaikeni, ngati pali maziro kumayambiriro aikeni. Samalani ndi ziro ndi chilembo O, komanso 1 ndi chilembo I, pa risiti yofufutika zimaoneka chimodzimodzi. Ndipo ngati mwakopa nambalayo kuchokera mu meseji, nthawi zina imabwera ndi kampata kumapeto komwe simungakaone ndi maso, dinani kumapeto kwa nambala mufufute kamodzi muone ngati chomwe chachoka ndi nambala kapena kampata chabe.

Kenako dzina. Kiyibodi ya foni imakonda kukonza maina yokha, mwatayipa bwino koma podina mpata yasintha kukhala mawu ena, werenganinso musanadine batani. Maina athu ali ndi misampha yake, l ndi r zimasinthana, wina amalemba ndi h wina opanda h, ŵ ambiri amangolemba w, nanga maina okhala ndi ng' kalaliki wina amaika kachizindikiro kaja wina amakasiya. Palinso ana omwe kunyumba ali ndi dzina lina kusukulu lina, kapena analembetsedwa ndi dzina la agogo awo. Chofunika pa nthawi imeneyi si kalembedwe kolondola, ndi kalembedwe komwe kali mu sisitemu. Mukalowa kaye kenako mudzapemphe sukulu ikonze.

Chachitatu ndi tsiku lobadwa, ndipo ili ndi lomwe limazunza anthu mwakachetechete. Pali kalembedwe koyamba ndi tsiku, `DD/MM/YYYY`, ndi koyamba ndi mwezi, `MM/DD/YYYY`. Onani kaye kuti apu ikufuna kati. Koma olo inu mulembe bwino, kusukulu kumatha kukhala kuti zinatembenuka pomwe ankasamutsa maina kuchoka mu fayilo ya kompyuta kupita mu sisitemu ya apu.

Ndikupatseni chitsanzo cha mayi wina yemwe ndinamuthandiza teremu ina, manambala ndawasintha koma nkhani ndi momwe inayendera. Anabwera atayesa masiku awiri, atafufuta apu nkuikanso katatu, bandulo itatha. Pa khadi la mwana panalembedwa chonchi:

```
Admission number: 00417
Date of birth: 03/11/2014
```

Mwana anabadwa pa 3 Novembala 2014, mayi akulemba zoona zokhazokha, apu ikukana. Ndinawafunsa kaye kuti, "Mayi, mwayesa manambala angati?" Akuti "ndayesa iyi ya pakhadi ndi ya mayeso, zonse ikukana achimwene." Nditatsegula mbali yathu ya ofesi ndinapeza izi:

```
Admission number: 417
Date of birth: 11/03/2014
```

Zolakwika ziwiri pa mwana mmodzi, ndipo zonse zathu osati za mayiwo. Maziro awiri aja anadyedwa ndi pulogalamu ya pa kompyuta yolembera maina ndi manambala mu matebulo, mapulogalamu amenewa akaona 00417 amaitenga ngati nambala yowerengera nde amachotsa maziro akutsogolo pokhapokha munthu atawauza kuti awa ndi malemba. Tsiku nalo linatembenuka, kompyuta yomwe inagwiritsidwa ntchito inatcheredwa koyamba ndi mwezi, nde 3 Novembala inasanduka 11 Malichi. Mayi aja anayesapo kuchotsa maziro tsiku loyamba, koma poti tsiku lobadwa linali losiyanabe apu inakana, iwo nkuganiza kuti maziro si vuto nkuwabwezera. Ndi chifukwa chake zolakwika zikakhala ziwiri munthu umazungulira pamodzimodzi.

Mungadziwe bwanji kuti mwina tsiku linatembenuka? Onani tsiku lomwe mwana anabadwa. Ngati ndi pa 13 kupita mtsogolo silingatembenuke mwakachetechete chifukwa kulibe mwezi wa 13, kompyuta imakana kapena kulisiya momwe lilili. Ngati tsiku ndi mwezi nzofanana ngati 05/05 palibenso vuto. Koma ngati anabadwa pakati pa 1 ndi 12 ndipo mwezi ndi nambala ina, mpata wotembenuka ulipo. Nde mutha kuyesa kanayi basi, nambala yonse ndi tsiku lolondola, nambala yopanda maziro ndi tsiku lolondola, nambala yonse ndi tsiku lotembenuza, nambala yopanda maziro ndi tsiku lotembenuza. Lembani papepala zomwe mwayesa kuti musabwereze. Koma muone, ma apu ena amatseka mukaphonya kangapo motsatizana, ikangokuchenjezani kuti kwatsala kamodzi lekani pompo.

Zikatheka ndi tsiku lotembenuza musangokondwa nkukhala chete. Auzeni a ofesi akonze, mutenge chikalata chobadwira cha mwana, chifukwa sukulu zambiri zimatenga zomwe zili mu sisitemu yomweyo polemba malipoti ndi makalata ena, tsiku lolakwikalo litha kumutsata mwana. Kwa mayi aja tinakonza zonse ziwiri pomwepo, anatuluka mu apu nkulowanso, mwana anaoneka.

Zonsezi zikakanika pali chifukwa china chomwe inuyo simungachikonze olo mutayesa usiku wonse, mwana sanaikidwebe mu sisitemu. Zimachitika kwambiri kwa ana atsopano ndi omwe angosamukira kumene, mafomu awo ali pa tebulo koma palibe yemwe wawalowetsa mu kompyuta. Mukamayimba ku ofesi musangoti apu sikugwira, yankho lomwe mulandire ndi loti yesaninso mawa. Funsani chonchi, kodi mwana wanga ali mu sisitemu ya apu, nambala yake mwailemba bwanji chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwa likuoneka lotani kumeneko, nanga nambala ya foni ya kholo yomwe ili pa iye ikuthera ndi manambala ati. Mafunso anayi amenewa amamaliza nkhani pa mphindi zochepa.

Kodi ndingofufuta apu nkuikanso, kapena nditsegule akaunti ina?

Kufufuta apu kumathandiza pa mavuto a apu yokhayo, ngati ikuzima yokha kapena sikirini yangoti mbee osatsegula. Apo yambani ndi kuona ngati pali `Update` mu sitolo ya ma apu, onaninso kuti tsiku ndi nthawi ya foni yanu nzolondola, foni ikasochera tsiku ma apu a ndalama amakana kulumikizana ndi seva, kompyuta yaikulu yomwe imayendetsa apuyo, nde itchereni foniyo kuti izitenga nthawi yokha ku netiweki. Koma pa vuto la mwana wosapezeka kufufuta sikusintha kalikonse chifukwa zolembedwa za mwana sizili mu foni yanu, zili kusukulu. Mungotha bandulo.

Akaunti yachiwiri nde ayi ndithu. Ndaonapo makolo ali ndi maakaunti atatu pa malayini atatu, kenako sakukumbukira kuti analipirira pa iti, risiti ili kwina mwana ali kwina. Ndipo ngati apu yanu imalola kholo kulemba mwana watsopano lokha, pali batani ngati `Create new student`, musalidine ngati mwana ndi wakale pasukulupo. Mukatero mu sisitemu mumakhala ana awiri a dzina limodzi, ndalama imapita kwa watsopanoyo yemwe alibe kalasi, pomwe weniweni uja akuonekabe kuti ali ndi ngongole, nde mwana nkuitanidwa kuti sanalipire chonsecho munalipira. Kulumikiza awiriwo kumatheka koma ndi ntchito ya ofesi ndipo imatenga masiku.

Ikuti mwana analumikizidwa kale ndi akaunti ina

Uthenga wake umakhala ngati `Student already linked`. Musathamangire kuganiza zakuba, kawirikawiri ndi wapabanja pomwepo, bambo ake analembetsa chaka chatha osanena, kapena azakhali omwe ankamulipirira, kapena inu nomwe pa layini yakale yomwe munataya. Nthawi zina ndi sukulu yomwe inatsegulira makolo onse maakaunti pogwiritsa ntchito manambala a pa fomu, ndiye akaunti yanu ilipo kale simukuidziwa chabe. Yesani kaye kudina `Forgot password` ndi nambala yomwe munalemba pa fomu yolowera sukulu, OTP ikabwera ndiye kuti akaunti ilipo, ikani pasiwedi yatsopano mulowe.

Ngati ndi wachibale, funsani kusukulu ngati apu yawo imalola makolo awiri pa mwana mmodzi. Ena amalola, a ofesi amangowonjezera nambala yanu ngati kholo lachiwiri ndipo aliyense amalowa ndi pasiwedi yake. Ena salola, apo mugwirizane kuti akaunti ikhale ya ndani. Ine ndimalangiza kuti ikhale ya amene amalipira kawirikawiri chifukwa OTP ndi ma risiti zimapita ku foni yake, sizimayenda bwino kuti wolipira azidikira wina amutumizire nambala yomwe ikutha mphamvu pa mphindi zochepa.

Mukafunsa onse pabanja nkupeza kuti palibe akudziwapo, pitani ku ofesi nokha ndi chiphaso chanu. Nthawi zambiri ndi kholo lina lomwe linaphonya nambala imodzi nkugwera pa mwana wanu, pa ma apu omwe amangofunsa nambala yokha zimachitika. A ofesi amuchotse ameneyo akuikeni inu. Musadabwe akakana kuchita zimenezi pafoni kapena kukuuzani nambala yonse ya munthu winayo, akuteteza mwana wanu yemweyo, chifukwa amene walumikizidwa amaona dzina la mwana, kalasi yake ndi za ndalama zake.

Mwana waoneka koma kalasi ndi yachaka chatha, balansi nayo sindikuimvetsa

Kalasi yakale imatanthauza kuti a ofesi sanakweze ana mu sisitemu kupita chaka chatsopano, amachita kalasi yonse pakamodzi nde si inu nokha. Vuto lake ndi loti fizi imatha kusiyana malinga ndi kalasi, choncho balansi yomwe mukuionayo mwina si ya teremu ino. Ikaonetsa ziro musaganize kuti mwakhululukidwa, mwina sanaike chabe bilu ya teremu yatsopano. Ikaonetsa yochuluka kuposa yomwe ili pa kalata ya fizi, tsegulani `Statement` kapena `History` muone mzere ndi mzere. Zomwe ndimapeza kawirikawiri ndi ndalama yomwe munalipira ku banki kapena pamanja apu isanabwere ndipo sinalowetsedwe, kapena mwana woyendera waikidwa ngati wogonera, kapena thandizo la fizi lomwe amalandira silinachotsedwe. Zonsezi zimakonzedwa ndi risiti, jambulani risiti yakaleyo mupite nayo kapena muitumize ku ofesi.

Koma ngati dzina lomwe latuluka si la mwana wanu, olo lifanane bwanji, musadine `Confirm`. Bwererani mmbuyo muonenso nambala. Ana a maina ofanana pasukulu imodzi ndi ambiri kuposa momwe mungaganizire, yang'anani dzina, kalasi ndi nambala zonse zitatu pamodzi.

Ndili ndi ana awiri kapena atatu, aliyense akhale ndi akaunti yake?

Ayi, akaunti ndi ya kholo, imodzi yomweyo, mumangodina `Add student` kachiwiri. Wachiwiri akakana pomwe woyamba analowa bwino, nthawi zambiri ndi chifukwa choti pa fomu yake panalembedwa nambala ya foni ina, mwina wamkulu analembetsedwa ndi bambo wamng'ono ndi mayi. Pemphani a ofesi aike nambala imodzi pa ana onse. Amapasa samalani nawo kwambiri, dzina la bambo limodzi, tsiku lobadwa limodzi, manambala awo amakhala otsatizana, nde polipira onani kuti mwasankha uti. Ndipo lipirani mwana aliyense payekha pokhapokha apu ikhale ndi pogawira ndalama poonekera, mukaponya yonse pa mmodzi winayo amatsala ndi ngongole pomwe mnzake ali ndi yotsalira. Ngati ana ali pa sukulu zosiyana zomwe zikugwiritsa apu imodzi, aliyense amafuna `School code` ya sukulu yake.

Ndinasintha nambala ya foni, kapena foni inabedwa

Foni yatsopano koma nambala yomweyo palibe vuto, ikani apu mulowe ndi nambala ndi pasiwedi yanu, ana muwapeza momwemo, musalembetsenso. Ngati foni inabedwa yambani mwatseketsa layini nkubwezeretsa nambala yomweyo ku kampani ya foni, kenako sinthani pasiwedi ya apu. Nambala ikasinthiratu, uzani sukulu isinthe mbali yawo musanayese chilichonse. Musachedwe nazo, makampani a foni amatha kupereka nambala yomwe yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kwa munthu wina, ndiye mameseji a fizi ya mwana wanu ndi OTP zizipita kwa mlendo.

Ndalembetsa, ndalipira, ndalama yachoka koma apu ikuti `Pending`

Musalipirenso. Apa ndalama imadutsa malo angapo, kuchoka ku banki kapena akaunti yanu ya ndalama ya pafoni, kupita ku kampani yomwe imayendetsa malipiro, kenako uthenga nkufika ku sisitemu ya sukulu, nde uthengawo umatha kuchedwa panjira makamaka sabata yotsegulira pomwe aliyense akulipira nthawi imodzi. Sungani meseji yotsimikiza kuti ndalama yachoka, mmenemo muli nambala ya malipiro, imalembedwa `Transaction ID` kapena `Reference`, imeneyo ndi yomwe a ofesi amafufuzira. Jambulani sikirini ya apu pomwe pakuoneka dzina la mwana ndi mawu oti `Pending`. Tsiku limodzi la ntchito likadutsa osasintha tumizani ku ofesi zinthu izi pamodzi, nambala ya malipiro, kuchuluka kwa ndalama, tsiku ndi nthawi, nambala ya mwana, ndi nambala ya foni kapena akaunti yomwe munalipirira. Ikalemba `Failed` koma ndalama inachoka, funsani komwe inachokerako, nthawi zambiri imabwerera yokha mu akaunti yanu, ikapanda kubwerera iwo ndi omwe angaitsate ndi nambala yomweyo.

Kwa amene mwangolembetsa kumene ndipo apu yanu imalola kulipira pang'onopang'ono, yambani ndi kandalama kochepa, dikirani risiti ituluke, muone kuti pali dzina la mwana wanu, nambala yake ndi teremu yolondola, balansi itsike ndi ndalama yomweyo, kenako tumizani yotsalayo.